Funso lachinayi la mazira lija, njira yake nayi

Anzanga nonse a pagulu, mwaswera bwanji? Mayankho amene mwaponya a funso lachinayi ndi atatu osiyana: -1.33, -2.5 ndi -1.8. Palibe amene waphonya kuwerengetsera. Manambala atatu onsewa akuchokera pa dimandi imodzi yomweyo, kungoti funso likufuna imodzi mwa izo. Tengani pepala ndi kakyuleta tiyendere limodzi, chifukwa msampha weniweni uli kumapeto, pa gawo (d).

Kwa amene mulibe pepala la asaimenti, funso likuti: mayi wina wogulitsa mazira pamsika amagulitsa mathireyi 600 pa sabata pamene thireyi inali pa K8,000. Atakweza mtengo kufika pa K10,000, akugulitsa mathireyi 400. Dimandi yake ndi ya mzere wowongoka ndipo zina zonse sizinasinthe. (a) Pezani elasitisite ya dimandi pakati pa mitengo iwiriyi. (b) Ndalama zonse zolowa zasintha bwanji? (c) Ndi mtengo uti umene ungabweretse ndalama zolowa zochuluka kwambiri? (d) Ngati mayiwa amaoda thireyi iliyonse pa K5,000, kodi analakwitsa kukweza mtengo?

Musanagwire kakyuleta, lembani manambala anayiwa pamwamba pa tsamba ndipo musawasinthenso malo:

```
P1 = 8000    Q1 = 600
P2 = 10000   Q2 = 400
```

Gawo (a). Elasitisite ndi kusintha kwa kuchuluka kwa katundu wogulidwa, m'maperesenti, kugawa ndi kusintha kwa mtengo, m'maperesentinso. Q amakhala pamwamba, P pansi. Mukatembenuza mupeza -0.56, ndiye mudzanena kuti ogula sakutekeseka ndi mtengo pamene zoona zake akuthawa. Kuti musaiwale, kumbukirani kuti mtengo ndiwo ukuyambitsa nkhani, ogula akungoyankha, ndipo chimene tikuyeza ndi kukula kwa yankho lawolo.

Vuto lagona pa funso lakuti peresentiyo tiiwerengera pa nambala iti. Amene mwapeza -1.33 munayambira pa mtengo wakale: mathireyi atsika ndi 200 pa 600, omwe ndi 33.3 peresenti, mtengo wakwera ndi 2,000 pa 8,000, omwe ndi 25 peresenti. Amene mwapeza -2.5 munayambira pa mtengo watsopano: 200 pa 400 ndi 50 peresenti, 2,000 pa 10,000 ndi 20 peresenti. Mtunda ndi umodzi koma wina wauyeza popita, wina pobwera, mayankho n'kusiyana. Mawu oti “pakati pa mitengo iwiriyi” ndiwo akutiuza kuti tigwiritse ntchito fomula ya midipointi, imene imagawa ndi avereji ya manambala awiriwo kuti yankho lisadalire kumene wayambira:

```
E = [(Q2 - Q1) / ((Q1 + Q2)/2)] / [(P2 - P1) / ((P1 + P2)/2)]
```

Chitani pamwamba pokha poyamba. Avereji ya 600 ndi 400 ndi 500, ndiye -200 kugawa ndi 500 kukupatsani -0.4. Kenako pansi: avereji ya 8,000 ndi 10,000 ndi 9,000, ndipo 2,000 kugawa ndi 9,000 ndi 2/9. Isiyeni choncho ngati fulakishoni. Mukaidula n'kulemba 0.22 mupeza -1.82, mukalemba 0.2 mupeza -2, ndipo malikisi apita pa chinthu chaching'ono.

```
E = -0.4 / (2/9) = -0.4 x 9/2 = -1.8
```

Chizindikiro cha mainasi chikungosonyeza kuti mtengo ukakwera ogula amachepa. Pogamula ngati dimandi ndi elasitiki kapena inelasitiki timayang'ana kukula kwa nambala, mainasi tayika pambali. Apa 1.8 waposa 1, choncho ndi elasitiki. Chenjerani ndi maganizo oti -1.8 ndi wochepa kuposa 1 ndiye ndi inelasitiki. Pa mzere wa manambala n'zoona kuti ndi wochepa, koma si zimene tikuyeza. Ndipo musasiye nambala ili yokhayokha. Onjezani chiganizo chotanthauzira: pakati pa mitengo iwiriyi, mtengo ukakwera ndi 1 peresenti, mathireyi ogulidwa amatsika ndi pafupifupi 1.8 peresenti. Elasitisite ilibe yuniti, musailembere K kapena mathireyi kumbuyo kwake. Ngati mukufuna kupereka chifukwa, n'chapafupi: mazira ali ndi zolowa m'malo mwake zambiri. Akadula, munthu amagula soya pisi, usipa kapena nyemba, kapenanso amangopita pa benchi ya wogulitsa wina.

Gawo (b) silichedwetsa. Ndalama zonse zolowa timazilemba TR, ndipo TR = P x Q. Kale zinali 8,000 x 600 = K4,800,000, tsopano ndi 10,000 x 400 = K4,000,000. Ndalama zolowa zatsika ndi K800,000 pa sabata. Gawoli ligwiritseni ntchito poyesa yankho la (a): dimandi ikakhala elasitiki, kukweza mtengo kumatsitsa TR. Mukadapeza elasitisite yochepera 1 kwinaku TR ikutsika, mukadadziwa kuti penapake pasokonekera.

Gawo (c). Apa ndi pamene mawu oti “mzere wowongoka” akugwira ntchito. Tiyenera kupanga ikweshoni ya dimandi kuchokera pa mapointi awiri aja. Silopu ndi -200 kugawa ndi 2,000, yomwe ndi -0.1, kutanthauza kuti K10 iliyonse yowonjezera pa mtengo ikuchotsa thireyi imodzi. Lembani Q = a - 0.1P, mulowetsemo pointi yoyamba: 600 = a - 800, choncho a = 1400.

```
Q = 1400 - 0.1P
```

Yesani ndi pointi yachiwiri musanapitirire: 1,400 kuchotsa 1,000 kwatsala 400. Zagwirizana.

Tsopano ambiri amasokoneza silopu ndi elasitisite. Silopu ndi -0.1 paliponse pa mzerewu, koma elasitisite imasintha ukamayenda pa mzerewo, chifukwa pa pointi imodzi fomula yake ndi iyi:

```
E = (dQ/dP) x (P/Q)
```

Ikani P = 8000 ndi Q = 600, mupeza -1.33. Ikani P = 10000 ndi Q = 400, mupeza -2.5. Ikani zapakatikati, P = 9000 ndi Q = 500, mupeza -1.8. Manambala atatu amene timakanganirana aja ndi amenewa. Awiri oyambawo ndi elasitisite ya pa nsonga ziwiri za mtundawo, ndipo akanakhala olondola funso likanati “pa mtengo wa K8,000” kapena “pa mtengo wa K10,000”. Pa mayeso werengani mawu amenewo kawiri musanasankhe fomula.

TR imafika pachimake pamene E = -1. Chifukwa chake n'chakuti pamwamba pa mtengo umenewo dimandi ndi elasitiki, ndiye kutsitsa mtengo kumaonjezera ndalama. Pansi pake ndi inelasitiki, ndiye kukweza ndiko kumaonjezera. Pomwe mbali ziwirizi zakumana palibenso koti n'kupita.

```
0.1P / (1400 - 0.1P) = 1
0.1P = 1400 - 0.1P
P = 7000, Q = 700
```

TR ndi 7,000 x 700 = K4,900,000. Amene mumakonda kalikulasi, lembani TR = 1400P - 0.1P², muchite difarenshiyeti, muyerekeze ndi ziro, mufika pa 7,000 pomwepo. Poyesa, tengani mtengo wa mbali iliyonse: pa K6,000 mathireyi ndi 800 ndipo TR ndi K4,800,000, chimodzimodzi ndi ya pa K8,000. Zonse ziwiri zili pansi pa K4,900,000. Palinso njira yachidule yongotsimikizira: pa dimandi ya mzere wowongoka, E = -1 imapezeka pa theka la mtengo umene palibe angagule. Pano Q amafika ziro pa K14,000, theka lake ndi K7,000. Koma pa pepala onetsani masitepe onse, alekichala amapereka malikisi pa njira.

Gawo (d), msampha uja. Munthu akaona kuti dimandi ndi elasitiki ndipo TR yatsika ndi K800,000, dzanja limathamangira kulemba kuti mayiwa analakwitsa. Koma ndalama zolowa si phindu. Amene anakhalapo pa benchi yogulitsira amadziwa kuti ndalama za m'chikwama madzulo zimakhala ndi mpamba mkati mwake. Mayiwa akamagulitsa mathireyi 200 ochepa, ndiye kutinso sakuoda mathireyi 200 amenewo, ndipo pa K5,000 iliyonse akupulumutsa K1,000,000. Ataya K800,000, apulumutsa K1,000,000. Werengani phindu pa thireyi, muchulukitse ndi mathireyi:

```
P = 8000:  (8000 - 5000) x 600  = 1,800,000
P = 10000: (10000 - 5000) x 400 = 2,000,000
P = 7000:  (7000 - 5000) x 700  = 1,400,000
```

Phindu lakwera ndi K200,000 pa sabata. Yankho ndi lakuti sanalakwitse. Ndipo taonani mzere wachitatuwo: mtengo wa K7,000 umene unapambana pa gawo (c) ndiwo ukupereka phindu lochepa pa atatuwa. Amene anakonza funsoli anaika (c) patsogolo pa (d) dala, kuti tikopeke ndi 7,000.

Funso silinapemphe mtengo wa phindu lochuluka, koma mzere umodzi wowonjezera sungakupwetekeni. Phindu ndi (P - 5000)(1400 - 0.1P). Limakhala ziro pa K5,000 ndi pa K14,000, ndiye chimake chili pakati penipeni, pa K9,500. Pamenepo mathireyi ndi 450 ndipo phindu ndi 4,500 x 450 = K2,025,000. Choncho mayiwa anapitirira pang'ono chabe, ndi K500, zomwe zikuwadyera K25,000 pa sabata. Elasitisite pa K9,500 ndi -2.11, mbali ya elasitiki, ndipo umu ndi mmene ziyenera kukhalira: wogulitsa amene ali ndi mphamvu yoika mtengo wake, komanso amalipira kanthu pa katundu aliyense, phindu lake lochuluka silingapezeke mbali ya inelasitiki, poti kumeneko akangokweza mtengo ndalama zolowa zimakwera kwinaku zooda zikutsika.

Polemba (d) tchulaninso zimene mwaganizira: kuti K5,000 sisintha kaya aode mathireyi angati, kuti palibe mazira osweka kapena otsala, komanso kuti kutsika kwa ogula kwabwera chifukwa cha mtengo wokha. Zolipira zosasintha monga chiphaso cha pamsika sizikhudza yankho, chifukwa zimachotsedwa mofanana pa mitengo yonse.

Pa girafu, P akhale pa mzere woimirira, Q pa wogona. Mzere wa dimandi uyambire pa 14,000 kumtunda, ukathere pa 1,400 kumunsi, ndipo muike kadontho pa (700, 7000) n'kulembapo E = -1. Kumtunda kwa kadonthoko lembani elasitiki, kumunsi inelasitiki. Dziwani kuti pa girafu yotere silopu yooneka ndi maso ndi dP/dQ = -10, osati -0.1, mukailowetsa mu fomula ya elasitisite mupeza -133 pa K8,000, nambala yoti ikudzidzimutseni nthawi yomweyo.

Tisanakumane Lachinayi 4 koloko ku laibulale, aliyense ayesere yekha funso lomweli atasintha mtengo wooda kukhala K3,000. Gawo (a), (b) ndi (c) sasintha, koma (d) itembenuka. Muponye phindu la pa K8,000 ndi la pa K10,000 pano pofika Lachitatu usiku kuti tifananize.

Tadala