Malamulo owerengera ndi kumasulira Baibulo, kwa atsogoleri a milaga tisanakumane Loweruka

Abale ndi alongo atsogoleri a milaga, moni nonse. Abusa anandipempha kuti ndilembe zomwe tinagwirizana mu seshoni zija kuti aliyense awerengeretu, ndiye ndi izi. Chinayambitsa nkhaniyi mukuchidziwa, mwezi wathawu ndinayendera milaga inayi ndipo konse anthu akusonkhana bwino, kuimba kuli bwino, koma ikafika nthawi ya mawu ambirife tikumabwera ndi uthenga wathu wopsa kale kunyumba, vesi tikungoyifunira kuti isayinire. Ndikulemba izi ngati munthu amene ndinachitapo zomwezo zaka zambiri, ndipo zimandiwawa chifukwa anthu amatikhulupirira, tikati "Baibulo likuti" amapita nazo kunyumba nkukapangira ziganizo za banja, za ndalama ngakhale za kuchipatala.

Lamulo loyamba, ndipo mukaiwala ena onse ili lokha musaiwale, musamawerenge vesi imodzi yokha. Werengani zakumbuyo kwake ndi zakutsogolo, ndime yonse, ngati nthawi ilipo chaputala chonse. Manambala a machaputala ndi mavesi sanalembe ndi Paulo kapena Yesaya ayi, machaputala anagawidwa m'zaka za m'ma 1200 ndipo mavesi a Chipangano Chatsopano anawaika ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551, ndi othandiza kupeza malo basi. Paulo ankalemba kalata, ndipo kalata sitiyambira pakati. Tengani Afilipi 4:13 ija timalemba pa makope a ana akamapita ku mayeso, yoti ndikhoza zonse mwa Iye wondipatsa mphamvu. Bwererani pa 11 ndi 12 muone "zonse" zakezo ndi ziti, Paulo ali m'ndende akuti ndaphunzira kukhuta ndi kumva njala, kukhala nazo zambiri ndi kusowa. Ndiye vesiyi sikulonjeza kuti geni iyenda, ikulonjeza kuti Khristu akugwirani ngakhale geni itagwa, ndipo kwa mayi amene akugona ndi njala mu mlaga mwanu uthenga wachiwiriwu ndi umene ungamunyamule. Chimodzimodzi mukapeza vesi ikuyamba ndi "chifukwa chake" ngati Aroma 12:1, imani kaye mufunse kuti chifukwa cha chiyani, yankho lili kumbuyo.

Lachiwiri, funsani kuti akuyankhula ndani komanso akuuza ndani. Apa mpomwe ine ndinagwera. Chaka china pa mapemphero a usiku ndinalalikira Yobu 22:28, yoti udzatsimikiza chinthu ndipo chidzakhazikika, anthu anaimirira kulengeza nyumba, ntchito, maukwati, ineyo ndinapita kunyumba ndikumva kuti Mzimu wagwira ntchito. Patapita masiku gogo wina wa chigwirizano cha amayi, Baibulo lake lothetheka lokutira ndi pepala la shuga, anandiimitsa panja pa tchalitchi nkunditsegulira pamwamba pa chaputala chomwecho chala chili pa vesi 1, anangoti "Bambo mkulu wa mpingo, tawerengani apa, akuyankhulayu ndani?" Anali Elifazi, mmodzi mwa anzake a Yobu aja, ndipo pa Yobu 42:7 Mulungu akumuuza Elifazi yemweyo kuti wamukwiyira chifukwa sananene zoona za Iye. Ndinali nditagawira anthu mawu a munthu amene Mulungu anamudzudzula ngati kuti ndi lonjezo la Mulungu. Ndinakapepesa ku mlaga. Baibulo lonse ndi louziridwa inde, koma mkati mwake muli mawu a Farao, a Yezebeli, a Satana amene, analembedwa moona kuti ananenedwa koma sikuti zonse zomwe ananenazo ndi zoona.

Pa kuuza ndani, Yeremiya 29:11 ndi chitsanzo chabwino. Ndi kalata yopita kwa Ayuda amene anatengedwa ukapolo ku Babulo, ndipo vesi 10 ikunena zaka 70. M'chaputala 28 mneneri Hananiya anali atalonjeza anthu kuti pasanathe zaka ziwiri zonse zibwerera, Yeremiya akulemba kuti ayi, mangani nyumba, limani minda, kwatiranani, pemphererani mzinda umene mulimo. Ambiri amene anamva kalatayi anafera konko. Kodi ndiye vesiyi ilibe phindu kwa ife? Ilinalo lalikulu, ikutionetsa Mulungu amene sataya anthu ake ngakhale kudikira kutalike kuposa moyo wa munthu mmodzi, koma tikamailalikira ngati kuti chaka chino chisanathe zonse zitheka ndiye kuti talalikira uthenga wa Hananiya pogwiritsa mawu a Yeremiya.

Apa pakutuluka lamulo lachitatu lomwe ndi la ndondomeko chabe. Yambani ndi funso loti ndimeyi ikuti chiyani, kenako inkatanthauza chiyani kwa amene anaimva koyamba, ndipo pomaliza penipeni ndiye ikutiuza chiyani ife lero. Ife timakonda kudumphira pa lachitatu, wina akangomaliza kuwerenga timvekere "aliyense anene mmene vesiyi yamukhudzira", anthu teni matanthauzo teni, tonse ameni. Chonde funso limenelo lizibwera kumapeto. Ndime singatanthauze lero chinthu chimene sinatanthauzepo kwa eni ake, kagwiritsidwe ntchito kake ndiye kamasiyana, kwa mlimi, kwa wa kabaza, kwa namwino.

Lachinayi, dziwani mtundu wa zomwe mukuwerenga. Tonse timasiyanitsa nthano ya agogo, kalata ya kukhoti ndi nyimbo ya maliro, sitizimva mofanana. M'Baibulo mulinso mbiri, malamulo, ndakatulo, miyambi, mafanizo, makalata ndi masomphenya. Miyambo 26:4 ikuti usayankhe chitsiru monga mwa uchitsiru wake, vesi yotsatira ikuti uchiyankhe, wolemba sanasokonezeke, mwambi umafuna nzeru yodziwa nthawi yake, ngati mmene ife timanenera kuti kuthamanga sikufika koma tsiku lina nkumuuza mwana kuti fulumira. Fanizo nalo kawirikawiri limakhala ndi mfundo imodzi yaikulu. La Msamariya lija likuyankha funso la pa Luka 10:29 loti mnansi wanga ndani, musatope nkufufuza kuti bulu akuimira chiyani, ndalama ziwiri zija zikuimira chiyani.

Pa mbiri ndiye pofunika kusamala kwambiri, chifukwa chinthu chikalembedwa kuti chinachitika sizitanthauza kuti talamulidwa kuchichita. Yefita analumbira lumbiro loopsa pa Oweruza 11, Yakobo ananamiza bambo ake, Solomo anakwatira akazi ochuluka, palibe pomwe tikuuzidwa kuti tiwatsanzire. Machitidwe 19:12 ikunena kuti nsalu zokhudza thupi la Paulo zinkachiritsa odwala, zoona, vesi 11 ikuti zinali zozizwitsa zosakhala wamba, koma fufuzani makalata onse a Paulo simupezamo pomwe akuuza mpingo kuti uzigawa tinsalu, kugulitsa ndiye nkosayamba nkomwe.

Lachisanu, lolani Baibulo lidzimasulire lokha, ndime yovuta muiunike ndi ndime zomveka, ndipo musamange chiphunzitso pa vesi imodzi yosamveka bwino. Pa Mateyu 4:6 Satana anagwira mawu a Salimo 91 kumuuza Yesu kuti adziponye pansi, Yesu anayankha ndi Deuteronomo 6:16, kwalembedwanso. Ndiye kungotchula vesi si umboni woti munthu akunena zoona. Mawu aja oti musakhudze odzozedwa anga ali pa Salimo 105:15, werengani kuyambira vesi 9 muona kuti akunena za makolo aja, Abrahamu, Isaki ndi Yakobo, ali anthu ochepa oyendayenda m'maiko a eni, Mulungu nkumawateteza kwa mafumu. Sakuletsa kufunsa mtsogoleri za ndalama za mpingo, Natani anadzudzula Davide wodzozedwa pa 2 Samueli 12, Paulo anatsutsa Petro pamaso pa Agalatiya 2:11. Ndipo izi zikukhudza ife akulu ampingo poyamba.

Musaganize kuti kupotoza malemba ndi kankhani kakang'ono. Genesis 9 inagwiritsidwa ntchito zaka mazana kunena kuti anthu akuda ndi otembereredwa oyenera ukapolo, eti temberero la Hamu, pomwe vesi 25 ikutchula Kanani, yanenedwa ndi Nowa atadzuka ku vinyo, ndipo za khungu mulibemo olo pang'ono. Anthu anabwera ndi chimene ankafuna nkuchiika m'ndimemo, ndipo makolo a anthu anamangidwa magoli pakhosi alaliki ena akuvomereza.

Lachisanu ndi chimodzi ndi lalifupi, yerekezani mabaibulo. Buku Lopatulika linatuluka lathunthu mu 1922, Chinyanja chake ndi chakale ndipo mawu ena achinyamata sakuwamva mmene ankamvekera kale, Buku Loyera ndi la 1998. Ngati mu mlaga muli onse awiri awerengedwe onse, pomwe asiyana mpomwe pali poti muime nkuganiza. Ndipo ngati mfundo yanu yonse yatsamira pa liwu limodzi lomwe lili m'Baibulo limodzi lokha, isiyeni kaye.

Lomaliza ndi la mumtima. Musanatsegule pempherani, kenako dzifunseni moona kuti kodi ndikufuna ndimeyi inene chiyani. Ngati mwakangana ndi mayi wina wa mu mlaga Lolemba ndiye Lachitatu mwapeza vesi yonena za akazi olongolola, imeneyo si vumbulutso, tsekani mukayanjane naye kaye. Chizindikiro china ndi ichi, ngati chaka chonse Baibulo likungogwirizana nanu, silinakudzudzulenipo, likungodzudzula apongozi anu ndi a mpingo wina, mwina mukudzimvera nokha. Komanso mukapeza tanthauzo lomwe palibe Mkhristu wina analionapo chiyambire, musathamangire kukaphunzitsa, bwerani nalo kwa abusa kapena kwa anzanu tiunikire limodzi. Mdindo wa ku Itiyopiya uja pa Machitidwe 8:31 sanachite manyazi kunena kuti ndingamvetse bwanji popanda wonditsogolera, a ku Bereya pa 17:11 ankafufuza m'malemba tsiku ndi tsiku kuona ngati zomwe Paulo akunena zili zoona, Paulo weniweniyo. Ndiye membala akakufunsani kuti "a tcheya, zimenezo zili pati?" musakwiye, mutsegulireni. Ndipo ngati funso lakukulirani nenani kuti ndikafunsa ndibwera nalo sabata ya mawa, palibe amene angakuchotseni pa udindo chifukwa cha zimenezo.

Loweruka tikumana 2 koloko masana mu vesitile. Aliyense abwere ndi Baibulo la pepala, kope ndi bolopeni, za pafoni zokha ayi chifukwa tikufuna tiziona tsamba lonse. Werenganitu kalata ya Paulo kwa Filemoni, ndi chaputala chimodzi mavesi 25, muiwerenge katatu osadumpha, ndipo mulembe kuti walemba ndani, akulembera ndani, vuto ndi chiyani komanso akupempha chiyani. Za mmene yakukhudzirani musalembe kaye, tidzafikapo limodzi kumapeto. Amene mulibe Baibulo lathunthu mundiuze pofika Lachinayi, kuofesi kuli anayi obwereka.

Ine mbale wanu, mlembi wa seshoni.