Zaka khumi zakwana: mawu a mbali yovomereza pa mtsutso wa sukulu za sekondale mu Mzuzu

Wapampando, oweruza, aphunzitsi athu ndi anzanga nonse, ndakupatsani moni. Ife tikuti mtsogoleri wa dziko azilamulira materemu awiri basi, zaka khumi, kenako apatse mpata ena.

Agogo anga ankagulitsa tomato mumsika wa Mzuzu muno. Amandiuza kuti tsiku lina atasenza dengu kuchokera ku Ekwendeni, anyamata a chipani adawaimitsa pachipata: "Khadi lili kuti?" Khadi la chipanilo adaliiwala kunyumba. Adawakhazika pansi dzuwa likuswa mtengo, mpaka tomato adafota m'dengu momwemo. Akadadandaula kwa yani? Mwini chipani adalengezedwa kukhala pulezidenti wamuyaya mu 1971. Sitikunyoza Dr Kamuzu Banda, misewu ndi zipatala adamanga ndithu. Koma munthu akadziwa kuti pampando sadzachokapo, khutu limagontha, ndipo omuzungulira amasanduka mikango. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kuno kumpoto adalamulidwa kubwerera kwawo ngati alendo m'dziko lawo lomwe. Adatsutsa ndani?

N'chifukwa chake Amalawi atasankha zipani zambiri pa referendamu ya pa 14 June 1993, adalembanso m'malamulo oyendetsera dziko, gawo 83, kuti pulezidenti asapitirire materemu awiri otsatizana. Lamulo limeneli lidalembedwa ndi anthu a zipsera.

Anzathu otsutsa anena kuti, "Ngati anthu akumukonda, alekeni amuvotere." Zikumveka bwino. Koma taganizani mpikisano wa mpira umene timu imodzi ndi yomwe yabweretsa bwalo, mpira ndi wezulo. Amene ali pampando ali ndi galimoto za boma, wailesi ya boma, apolisi, ngakhale chimanga chogawa nthawi ya njala. Chaka chilichonse chimene akuwonjezera, mizu ikuzama. Yoweri Museveni adalowa mu 1986, malire a materemu adachotsedwa ku Uganda mu 2005. Robert Mugabe adakhala zaka 37 mpaka asilikali adachita kulowererapo.

Ifenso tidapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Mu July 2002, nthawi ya a Bakili Muluzi, bilu yochotsa malire amenewa idalowa m'Nyumba ya Malamulo. Inkafunika mavoti 128, idapeza 125. Mavoti atatu okha, anzanga! Kuchepa kuposa ife takhala pa benchi iyi.

Anenanso kuti zaka khumi n'zochepa pomaliza chitukuko. Mwana wolowa Sitandade 1 tsiku lolumbiritsa pulezidenti amakhala ali Folomu 2 pomwe zaka khumi zikutha. Ngati mwanayo akukhalabe pansi m'kalasi, zaka zina zisanu zidzabweretsa desiki? Ndipo ngati ntchito ndi yabwino, wina adzaipitiriza. Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Nelson Mandela adalamulira teremu imodzi yokha, natula pansi udindo mu 1999 anthu akumufunabe.

Oweruza, ndikupempha kuti mugwirizane nafe: gawo 83 lisakhudzidwe. Zikomo, Wapampando.