Ndemanga pa kweri ya mtengo watsopano wa usipa pa doko lililonse

Achimwene, ndaiona kweri yanu ndipo sindinaivomerezebe. Mbali ya `JOIN` ndi `WHERE` ili bwino, sindikhudzapo, n'chifukwa chake sindinailembe pansipa. Vuto lili pa mzere womaliza.

```sql
SELECT DISTINCT ON (doko) doko, tsiku, mtengo
FROM mitengo_ya_usipa
ORDER BY doko;
```

Ndaiyendetsa pa seva yoyeserera m'mawa uno, Makawa inatuluka ndi K9,000 pa chigoba, mtengo wa Lolemba. Kenako ndinakonza dzina la wolemba pa mzere umodzi wa doko lomwelo, osakhudza mtengo ngakhale pang'ono, n'kuiyendetsanso. Makawa inabwera ndi K12,500, mtengo wa Lachitatu lapitalo. Malembo ndi Msaka sizinasinthe, koma zangochita mwayi.

`DISTINCT ON (doko)` imatenga mzere woyamba pa doko lililonse n'kutaya ena onse. Nanga woyambayo ndi uti? Inu mwangouza PostgreSQL kuti isanje potengera doko basi. Mizere yonse ya Makawa kwa iyo ndi yofanana, ndiye imatola uliwonse umene wapezeka pamwamba. Zili ngati kutuma mwana kuthandala kuti akatenge usipa umodzi osamuuza uti: abwera ndi umene dzanja lake lafikira, ndipo simungamukalipire.

Ndikudziwa munena kuti pa laputopu panu imatulutsa zolondola nthawi zonse. Inde, chifukwa tebulo lanu lili ndi mizere 300 yomwe munailowetsa kamodzi mwandondomeko ndipo simunaisinthepo. Pa seva zinthu sizikhala choncho. Mu PostgreSQL, `UPDATE` siifufuta n'kulemba pamalo pomwepo, imalemba mzere watsopano pena pamene pali mpata, wakalewo n'kusiyidwa kuti `VACUUM` idzachotse. Ndiye nthawi iliyonse olemba mitengo kumadoko akakonza kanambala kamodzi, mzerewo umasamuka. Komanso tebulo likakula, PostgreSQL ikhoza kusankha kudutsira pa indekisi m'malo mowerenga tebulo lonse, kapena kugawa ntchito yowerengayo kwa antchito angapo nthawi imodzi, zomwe inayamba kuchita pa 9.6 mu 2016. Amene wamaliza msanga ndiye amapereka mizere yake poyamba. Zonsezi n'zololedwa, chifukwa SQL siilonjeza ndondomeko ina iliyonse kupatula imene mwailemba mu `ORDER BY`.

Kuwonjezera `tsiku DESC` kokha sikukwanira, ndipo apa ndi pamene ndikufuna muonetsetse. Ku Msaka amalemba kawiri pa tsiku: m'mamawa maboti akangofika, ndiponso chakumasana ogula ambiri atapita kale, mtengo utasintha. Mizere iwiri, doko limodzi, tsiku limodzi. Vuto lija labwereranso, kungoti tsopano lizioneka mwa apo ndi apo, zomwe kwa ine n'zoipa kwambiri kuposa kulakwitsa tsiku ndi tsiku, chifukwa palibe amene adzakhulupirire munthu wodandaulayo. Ndikupempha kuti ikhale chonchi:

```sql
ORDER BY doko, tsiku DESC, nthawi DESC NULLS LAST, id DESC;
```

`id` ili kumapeto chifukwa palibe mizere iwiri yokhala ndi `id` imodzi, ndiye mpikisano uliwonse umathera pamenepo. `NULLS LAST` musaichotse. Mizere yakale yambiri ilibe `nthawi`, ndipo PostgreSQL mukaiuza `DESC` imaika `NULL` pamwamba, kotero mzere wopanda nthawi ungapambane mzere wa 2 koloko masana.

Funso limodzi lokha silili la ine kuyankha: tikati mtengo watsopano, tikutanthauza womaliza kulembedwa kapena wa m'mamawa? Amayi ogula usipa wokagulitsa ku Limbe ndi ku Lilongwe amagula m'mamawa, ndiye mwina umenewo ndi umene akufuna kuuona pa foni. Funsani anzathu a kumadoko. Akati wa m'mamawa, sinthani kukhala `nthawi ASC`, zina zonse zikhale momwemo.

Chinanso chaching'ono, mu fayilo yomweyo pansi pali `LIMIT 50 OFFSET 50` popanda `ORDER BY` n'komwe. Matenda ndi omwewo: mzere wina ungaoneke pa tsamba loyamba ndi lachiwiri pomwe, wina osaoneka konse. Ikanipo `ORDER BY tsiku DESC, id DESC`.

Pa mayeso, wonjezerani amodzi okhala ndi mizere iwiri ya Msaka ya tsiku limodzi, muilowetse mozondoka, wamasana poyamba, kenako muchite `UPDATE` pa umodzi musanayendetse kweri. Mayeso amene alipowa akudutsa chifukwa doko lililonse lili ndi mzere umodzi wokha.

Lipoti la Lachisanu lisatuluke ndi kweri yakaleyi chonde. Mukakonza nditumizireni uthenga, ndili mu ofesi mpaka 4 koloko, ndiyang'ananso lero lomwe magetsi akapanda kutithawa.