Gawo lachinayi: Kusanthula mayankho a aphunzitsi pa nkhani ya khumbo la ntchito

Tidagawa mapepala a mafunso 60 m'sukulu 8 zapulayimale za m'zoni yathu kuno ku Dedza, ndipo mapepala 50 ndiwo adabwerera atayankhidwa bwino lomwe. Mwa oyankhawa, 28 ndi abambo ndipo 22 ndi amayi. Popeza oyankha ndi 50, mphunzitsi mmodzi akuimira maperesenti awiri. Owerenga akumbukire zimenezi akaona kusiyana kwakung'ono pakati pa manambala, chifukwa mwina ndi anthu awiri kapena atatu chabe.

Funso loyamba lidali lakuti: mukadzuka m'mawa kupita kusukulu, khumbo lanu la ntchito limakhala lotani?

Tebulo 1: Khumbo la ntchito

| Yankho | Aphunzitsi | Peresenti |
|---|---|---|
| Ndi lalikulu | 9 | 18 |
| Lilipo pang'ono | 21 | 42 |
| Lidatha | 20 | 40 |

Aphunzitsi awiri mwa asanu alionse adalemba okha kuti khumbo lidatha. Awa si anthu ojomba ayi. Ambiri mwa iwo timawaona tsiku ndi tsiku ataima kutsogolo kwa bolodi, choko chili m'manja. Thupi limafika m'kalasi koma mtima udatsala kwina, ndipo zotere buku losainira m'mawa silingazionetse. Gulu la pakati, la anthu 21, ndilo lalikulu, ndipo likhoza kupendekera mbali iliyonse.

Kenaka tidapempha aliyense kuti asankhe zinthu zosapitirira zitatu zomwe zimamugwetsa mphwayi. N'chifukwa chake maperesenti a m'tebulo ili akupitirira 100 mukawaphatikiza.

Tebulo 2: Zogwetsa mphwayi

| Chifukwa | Aphunzitsi | Peresenti |
|---|---|---|
| Malipiro osakwanira | 41 | 82 |
| Kukhalitsa pa giledi imodzi osakwezedwa pantchito | 33 | 66 |
| Kusowa nyumba pasukulu, kuyenda mtunda wautali | 27 | 54 |
| Kuchuluka kwa ana m'kalasi | 24 | 48 |
| Kuchepa kwa mabuku ndi zipangizo | 13 | 26 |
| Kusayamikiridwa ndi akuluakulu | 9 | 18 |

Za malipiro palibe angadabwe nazo. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023, mtengo wa shuga, sopo ndi feteleza udathawa, ndipo ena adalemba m'mphepete mwa pepala kuti ndalama imatha tsiku lomwe yalowa, yathera kubweza ngongole. Koma dandaulo ili silitithandiza kusiyanitsa aphunzitsi, chifukwa pafupifupi onse alilemba, ngakhale ena mwa aja adati khumbo lawo ndi lalikulu. Funso lomwe tidafuna kuliyankha ndi ili: pakati pa anthu olandira ndalama yofanana, chikuchititsa n'chiyani kuti wina akhalebe ndi mtima wa ntchito pamene mnzake wagwa ulesi?

Yankho lidaonekera titagawa aphunzitsiwo potengera kumene amagona.

Tebulo 3: Khumbo la ntchito potengera kokhala

| Kokhala | Ndi lalikulu | Lilipo pang'ono | Lidatha |
|---|---|---|---|
| Nyumba ya pasukulu (20) | 6 (30%) | 10 (50%) | 4 (20%) |
| Kunja kwa sukulu (30) | 3 (10%) | 11 (37%) | 16 (53%) |

Mwa okhala pasukulu, mmodzi yekha mwa asanu ndiye adati khumbo lidatha. Mwa okhala kunja, oposa theka adatero. Kusiyana uku n'kwakukulu, sikungakhale kwamwayi chabe, ndipo aliyense amene adayendapo njira za kuno akudziwa chifukwa chake. Mayi wina wophunzitsa Sitandade 2 adalongosola m'mawa wake pa malo omwe tidasiya kuti munthu alembe zakukhosi. Amadzuka kusanache, kutereka madzi a ana, kenaka kuyamba ulendo wa ola lathunthu wapansi m'chisanu cha Juni. Nthawi ya dzinja mtsinje ukadzadza amadikira pagombe nsapato zili m'manja, ndipo akafika mochedwa dzina lake limalembedwa pansi pa mzere wofiira. Akati akwere kabaza, ndalama ya mwezi wonse imaposa alawansi ya kumudzi yomwe amalandira. Pamwamba pa izo pali lendi. Mnzake wokhala pasukulu amamva belu ali pakhonde, ndipo madzulo amatha kuchonga makope kapena kuthandiza ana a Sitandade 8 omwe akukonzekera mayeso a MANEB.

Apa pali chinthu china chomwe sitiyenera kuchilumpha. Mwa amayi 22, asanu okha ndiwo ali m'nyumba za pasukulu, 17 amayendera. Nyumba zochepa zomwe zilipo zimayamba zapita kwa aphunzitsi aakulu, achiwiri awo ndi omwe adakhalitsa pasukulupo, ndipo m'zoni muno ambiri mwa amenewa ndi abambo. Choncho munthu akangoona manambala a amayi paokha akhoza kuganiza kuti amayi ndiwo alibe chidwi ndi ntchito, pamene vuto lenileni ndi mtunda. Ife tikuona kuti kagawidwe ka nyumba n'koyenera kukambidwa poyera ndi makomiti a sukulu.

Nkhani ya giledi nayo ikuloza komweko. Aphunzitsi 18 adati atha zaka zoposa khumi pa giledi imodzi, ndipo mwa iwo 12, omwe ndi maperesenti 67, adati khumbo lidatha. Mwa otsala 32, omwe adatero ndi 8 okha, maperesenti 25. Bambo wina adalemba kuti mwana yemwe adamuphunzitsa yekha kugwira pensulo tsopano ndi mphunzitsi mnzake, ndipo onse ali pa giledi imodzi. Sadalembe mokwiya, adangoti zimamuchititsa manyazi. Kukwezedwa si ndalama yokha. Munthu amafuna umboni wakuti zaka zake zikuwerengedwa.

Kuchuluka kwa ana kudatchulidwa ndi anthu 24, makamaka a makalasi oyambirira. Vutoli lidakula chiyambireni maphunziro aulere mu 1994, ndipo mlingo wa boma wa ana 60 pa mphunzitsi mmodzi ukadali kutali m'makalasi amenewa. Mabuku ndi kusayamikiridwa zidabwera kumapeto. Sitikunena kuti n'zopanda pake: munthu adaloledwa kusankha zitatu zokha, ndiye zowawa kwambiri zidatenga malo.

Funso lomaliza lidali lakuti: chimakusungani pantchitoyi n'chiyani? Apa aliyense adasankha chimodzi.

Tebulo 4: Zosunga mphunzitsi pantchito

| Yankho | Aphunzitsi | Peresenti |
|---|---|---|
| Kuona ana akudziwa kuwerenga ndi kukhoza mayeso | 29 | 58 |
| Ntchito yokhazikika ndi penshoni | 12 | 24 |
| Kusowa ntchito ina | 6 | 12 |
| Ulemu wa anthu a m'mudzi | 3 | 6 |

Tidayembekezera kuti aja 20 omwe khumbo lidatha asankha penshoni kapena kusowa kolowera. Sizidatero kwa onse. Titabwereranso m'mapepala awo limodzilimodzi, tidapeza kuti 9 mwa iwo adasankha ana. Mayi uja wa Sitandade 2 ndi mmodzi mwa iwo: pa funso loyamba adachonga kuti khumbo lidatha, pa lomalizali adachonga mzere woyamba, n'kuwonjezera pamunsi kuti teremu ino ana 14 a m'kalasi mwake ayamba kuwerenga okha.