Kalata yopereka pulogalamu ya mkaka ndi makiyi ake

Lilongwe, 14 Malichi 2025

Kwa a Manejala a bungwe la alimi a mkaka,

Mayi,

Ntchito yatha monga tinagwirizanira. Pulogalamu yolembera mkaka, mtundu wa 1.4, ikugwira pa mafoni 12 a alembi anu. Pamodzi ndi kalatayi tabweretsa mafulashi awiri ofanana ndi envulopu yomata.

Khodi yonse, ndi mbiri ya zosintha zake, ili m'fayilo ya `mkaka.bundle`. Inanso ili pa GitHub, pa akaunti ya bungwe. Katswiri amene mudzamulembe ntchito adzaitsegula chonchi:

```
git clone mkaka.bundle mkaka
```

Ayambe wawerenga `README.md`. Pomanga mtundu watsopano akweze `versionCode`, yomwe panopa ili pa 14.

Chofunika kuposa zonse ndi kafayilo kakang'ono ka `release.jks`, kiyi yosainira pulogalamu, yomwe dzina lake mkatimo ndi `mkaka`. Foni ya Android silola mtundu watsopano kulowa pamwamba pa wakale ngati sunasainidwe ndi kiyi yomweyo. Poti pulogalamu yanu sili pa Google Play, alembi amaika okha APK, fayilo yoikira pulogalamu pa foni, palibenso wina akusunga kiyiyi. Ikatayika sitingaipangenso, ngakhale ifeyo. Alembi adzayenera kufufuta pulogalamu pa foni iliyonse, ndipo malita amene anali asanafike pa seva adzafufutika nawo. Choncho fulashi imodzi ikhale mu sefa ya ku ofesi, ina kwa a Wapampando. Kiyiyi musaitumize pa WhatsApp, ngakhale wopemphayo atati zachangu. Kuti mutsimikize kuti ndi yomweyo:

```
keytool -list -v -keystore release.jks
```

Manambala a SHA256 amene atuluke afanane ndi amene tasindikiza m'envulopu.

Maakaunti ndi asanu: GitHub, seva, domeni, imelo ya bungwe ndi akaunti yotumizira mauthenga kwa alimi. Onse tawasamutsira ku imelo ya bungwe, ndipo manambala otsimikizira polowa akubwera pa foni ya ku ofesi, osatinso yathu. Seva imalipiridwa pa 1 mwezi uliwonse. Domeni itha pa 30 Novembala; ikatha, mafoni sadzaipeza seva ngakhale ikugwira bwinobwino.

Mapasiwedi sitinawalembe muno dala, kalata imadutsa m'manja mwambiri. Onse asanu, komanso awiri a kiyi ndi imodzi ya nkhokwe ya deta, ali m'fayilo ya `bungwe.kdbx`, yotsegulidwa ndi KeePassXC. Pasiwedi yaikulu yotsegulira ili m'envulopu. Mapasiwedi a maakaunti asanuwo muwasinthe pofika pa 21 Malichi. Pasiwedi ya nkhokwe musaikhudze nokha: ikasintha popanda kukonzanso fayilo ya `.env` pa seva, mafoni onse asiya kutumiza.

Pa 21 Malichi pomwepo tidzafufuta kiyi ndi mapasiwedi pa makompyuta athu. Zolakwika za mu pulogalamu tikonza ulere mpaka pa 14 Juni.

Chonde sainani makope awiri a kalatayi mukatsegula fulashi ndi kuona kuti zonse zilimo, kope imodzi mutibwezere.

Ine wanu,
Mtsogoleri wa gulu lomwe lapanga pulogalamuyi