Ndondomeko ya masiku a ntchito ya mijigo ku Dedza, 2026

Lolemba, 16 Febuluwale 2026

Mayi Banda,

Monga munandipemphera Lachisanu lija, ndatolera masiku onse omwe ali m'masilaidi 23 a `mijigo_dedza_v4.pptx` ndi kuwandandalika m'munsimu kuyambira loyamba mpaka lomaliza. Pa tsiku lililonse ndalembapo nambala ya silaidi yomwe ndalitenga, kuti wofuna kutsimikiza asavutike. Ndawerenganso timawu ta m'munsi mwa masilaidi, tomwe sitioneka pa khoma pa nthawi ya msonkhano, ndipo masiku awiri ndawapeza kumeneko.

Musanawerenge zonse, dziwani chachikulu ichi: mapampu afika mochedwa ndi masabata awiri kuyerekeza ndi tsiku lomwe tinauza otithandiza kuti tiyamba kuwaika. Silaidi iliyonse payokha ilibe cholakwika, n'chifukwa chake tonse tinaombera m'manja tsiku lija. Vuto laonekera nditaika silaidi 11 ndi 19 pa mzere umodzi.

10 Febuluwale (silaidi 2). Kusainirana mgwirizano ndi otithandiza. Zinachitika kale.

4 Malichi (silaidi 4). Kukafotokoza za ntchitoyi ku komiti yaikulu ya kukhonsolo ya boma la Dedza. Pa silaidi palembedwa `03/04/2026`, zomwe ife kuno tingawerenge kuti 3 Epulo. Koma 3 Epulo chaka chino ndi Lachisanu Loyera, ndipo silaidiyi inakonzedwa ndi anzathu a ku Amereka omwe amayamba ndi mwezi kenako tsiku. Choncho ndaika 4 Malichi, Lachitatu. Dzulo lake, pa 3 Malichi, ndi tchuthi chokumbukira anthu ofera dziko lino, kotero galimoto ndi mafuta zikonzedwe Lolemba.

16 mpaka 27 Malichi (silaidi 5). Misonkhano ndi mafumu komanso makomiti a chitukuko m'midzi isanu ndi umodzi ya kwa Kachindamoto. Mvula ikhala isanathe, ndiye tsiku lina likhoza kusuntha malinga ndi misewu yolowera m'midzi.

20 Epulo (silaidi 7). Kulengeza kuti makontirakita atumize mitengo yawo.

11 mpaka 22 Meyi (silaidi 6). Akatswiri ayeza pansi pofuna malo oti pakumbidwe. Silaidi ikuti masiku khumi, koma pa 14 Meyi ndi tsiku la Kamuzu, ndiye ogwirira ntchito ndi asanu ndi anayi.

29 Meyi (silaidi 7). Kusankha kontirakita.

30 Juni (silaidi 21, sindinatsimikize). Lipoti la pakati kwa otithandiza. Silaidi yangoti `Q2`. Tikawerenga chaka kuyambira Januwale, gawo lachiwiri likutha pa 30 Juni. Koma a ku ofesi ya zachuma amatsata chaka cha boma, chomwe chimayamba pa 1 Epulo, ndipo kwa iwo gawo lachiwiri likutha pa 30 Seputembala. Pakati pa masiku awiriwa pali miyezi itatu yathunthu. Ndaika loyambirira chifukwa kuli bwino lipoti lidikire tsiku lake kusiyana ndi kuti otithandiza alidikire, koma mgwirizano weniweni uli m'kabati mwanu. Mundionereko.

7 Julayi (silaidi 19). Kuitanitsa mapampu asanu ndi limodzi a `Afridev` pamodzi ndi mapaipi ndi ndodo zake. Pa silaidi palembedwa 6 Julayi, lomwe ndi tsiku la ufulu wodzilamulira, ndiye ndalisunthira ku Lachiwiri. Tsikuli linabisala pa silaidi ya bajeti, pansi pa tebulo la ndalama, m'zilembo zing'onozing'ono. M'timawu ta m'munsi mwalembedwa kuti wogulitsa amafuna masabata 12 kuti katundu afike.

3 mpaka 28 Ogasiti (silaidi 9). Kukumba mijigo yonse isanu ndi umodzi. Apa panalibe tsiku konse, pangolembedwa `Week 26` mpaka `Week 29`. Ndawerenga masabatawa kuyambira sabata yomwe tinasainira mgwirizano, ya Lolemba pa 9 Febuluwale, ndipo ya nambala 26 ikugwa pa 3 Ogasiti. Munthu atawerenga kuyambira kumayambiriro kwa chaka angapeze 22 Juni, ndipo ndikuganiza kuti ndi kumene a Mwale anatenga zoti makina abwera mu Juni. Ogasiti ndiye akugwirizana ndi masilaidi ena onse, komanso ndi nzeru ya ntchitoyo: ukakumba madzi a pansi asanatsike, umaima posaya, mjigo n'kudzauma mu Okutobala anthu akuufunitsitsa.

31 Ogasiti mpaka 4 Seputembala (silaidi 10). Kupopa madzi poyesa mphamvu ya mjigo uliwonse, ndi kutumiza madzi kukayezedwa ngati ali abwino kumwa. Masilaidi sakunena tsiku lomwe zotsatira zidzabwere. Kumunsi kuja, kufupi ndi nyanja, mjigo ukhoza kutulutsa madzi a mchere, choncho zotsatirazi tizione tisanaike pampu.

31 Ogasiti mpaka 11 Seputembala (silaidi 10). Kuwaka simenti kuzungulira mjigo, ngalande ndi pochapira.

14 mpaka 25 Seputembala (silaidi 11). Kuika mapampu.

29 Seputembala (ndawerengetsa ndekha, palibe pa silaidi). Kufika kwa mapampu, ngati taitanitsa pa 7 Julayi ndipo wogulitsa wasunga masabata ake 12.

Mizere iwiri yomalizayi ndiyo vuto lija. Amisiri adzakhala ali kumudzi pa 14 Seputembala ndi masipanala m'manja, mapampu akadali m'njira. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuitanitsa mapampu pofika Lolemba pa 22 Juni, kuti afike pa 14 Seputembala penipeni, ngakhale ine ndikanakonda tiitanitse kumayambiriro kwa Juni kontirakita akangosankhidwa, poti katundu sachedwa kukakamira pa chipata cha dziko. Izi zikutengera ngati ndalama za gawo lachiwiri zidzakhale zitalowa, zomwe inu ndi a zachuma mukudziwa. Yachiwiri ndi kusuntha kuika mapampu kuti kuyambe pa 30 Seputembala. Kukhoza kutha pa 13 Okutobala, koma kuchedwa kwa masiku awiri okha kudzagwetsa mwambo wopereka mijigo.

Popanda tsiku (silaidi 13). Kuphunzitsa makomiti oyang'anira mijigo ndi amakaniko a m'dera. Silaidi yangoti zichitike mijigo isanaperekedwe. Maphunziro omasula ndi kumanganso pampu amafuna pampu yeniyeni, ndiye nawonso akudikira yankho la nkhani ya pamwambayi. Sindinawapatse tsiku la m'mutu mwanga.

15 Okutobala (silaidi 1, 14 ndi 23). Kupereka mijigo kwa anthu. Tsiku lokhali ndi lomwe lalembedwa katatu mofanana, koma ndi Tsiku la Anakubala, tchuthi cha boma. Mwina amene analisankha anachita dala, poti amayi ndiwo amatunga madzi. Ngati ndi choncho, alendo a kukhonsolo tiwauze msanga. Ngati sizinali dala, Lachisanu pa 16 palibe chotchinga.

30 Novembala (silaidi 22). Lipoti lomaliza la ntchito ndi la ndalama.

Masilaidi enieniwo sindinawasinthe chilichonse. Mukandiyankha za `Q2`, za tsiku loitanitsa mapampu ndi za 15 Okutobala, ndikonza silaidi 4, 9, 11, 19 ndi 21 kuti masiku onse alembedwe ndi dzina la mwezi, ndipo ndondomekoyi ndiitumiza kwa onse msonkhano wa Lachinayi usanachitike.

Zikomo,
Chisomo