Ndakhoza AAA ulendo wachisanu

Ndakhoza, abale anga. Malikisi 58. Pepala la AAA latha, ndipo mayeso anga onse a ACCA, bungwe la akatswiri owerengera ndalama, athera pomwepa. Uthenga wa zotsatira unalowa pafoni pakati pa usiku, kucha kwa Lolemba, anthu onse m'nyumba ali mtulo. Ndinauwerenga katatu, kenako ndinadzutsa bambo a Tadala kuti awerenge okha mokweza. Atatchula mawu akuti Pass ndinakhala pansi pasimenti n'kuyamba kulira.

Musanayambe kundiyamikira, ndikufuna muone manambala onse, chifukwa ambiri a inu sindinakuuzeni zoona. Disembala 2022 ndinapeza 41. Juni 2023 ndinapeza 38. Disembala 2023 ndinapeza 47. Juni 2024 ndinapeza 49. Kukhoza kumayambira pa 50. Ndiye kuti pepala limodzi lomweli ndalilemba kasanu, ndipo kanayi ndinagwa.

Kwa amene simuli m'ntchito yowerengera ndalama, AAA ndi Advanced Audit and Assurance, limodzi la mapepala omaliza a ACCA. Amakupatsa nkhani ya kampani, iwe ukhale ngati odita wamkulu: uone pamene mabuku a ndalama angakhale olakwika, unene umboni umene ungaufune, ndipo pomaliza ugamule zoyenera kulembedwa mu lipoti. Nthawi yake ndi maola 3 ndi mphindi 15, pakompyuta. Funso loyamba lokha ndi la malikisi 50, ena awiriwo 25 lililonse. Padziko lonse amene amalephera pepalali pa ulendo uliwonse amachuluka kuposa amene amakhoza. Zimenezi ndinkazidziwa, koma sizinkanditonthoza, chifukwa mapepala enawo ndinali nditawadutsa popanda kubwereza ngakhale limodzi, ndipo ndinkadziona ngati munthu wosagwa mayeso.

41 woyambayo ndinamulandira mosavuta. Ndinati ndinachepetsa kuwerenga, ndiwonjezera. Ulendo wachiwiri unabwera pambuyo pa namondwe wa Freddy. Mu Malichi 2023 matope atatsika m'phiri la Soche, achemwali anga a ku Chilobwe anabwera kudzakhala nafe kuno ku Machinjiri ndi ana awo atatu, atangotsala ndi zovala za m'thupi. Tebulo limene ndinkawerengerapo tinalikankhira pakona kuti ana apeze pogona. Ndinalembabe mu Juni, ndipo 38 sanandidabwitse. Chaka chimenecho panali zolirira zazikulu kuposa mayeso anga.

Amene anandipweteka ndi 47 ndi 49, chifukwa apo ndinalibe chonamizira. Ndinkadzuka 3 koloko m'mawa tsiku lililonse. Magetsi akathima ndinkawerengera tochi ya foni. M'minibasi yopita ku Limbe ndinkaloweza malamulo a ntchito ya odita, kondakitala akundigwedeza paphewa kuti ndilipire. Maukwati a anzanga awiri sindinapiteko. Tadala anaphunzira kugogoda pachitseko asanalowe kuchipinda kwa mayi ake, mwana wa zaka 5. Chimenecho mpaka lero chimandiwawa.

Ndiye pali nkhani ya ndalama, imene anthu sakonda kuitchula akamaika zithunzi za chisangalalo. Fizi ya mayesowa imalipiridwa m'mapaundi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo pepala lomwe lija linangokwera mtengo malipiro anga ali pomwepo. Ulendo wachinayi ndinalembetsa ndi ngongole ya ku banki mkhonde. Zotsatira zitatuluka mu Julayi 2024 ndinali ndisanamalize kubweza. Kusowa malikisi amodzi okha, ngongole ili pakhosi. Tsiku limenelo ndinapita kuntchito, ndinamwetulira, ndinakonza malipiro a anthu bwinobwino, ndipo nthawi ya nkhomaliro ndinakadzitsekera m'chipinda chosungira mafailo.

Apa ndi pamene ndinayamba kunama. Anzanga a kuofesi akafunsa, ndinkati ulendo uno sindinalembe, ntchito inandichulukira. Mayi anga ku Thyolo, amene ankasala kudya tsiku lililonse limene ndikulemba, ndinawauza kuti zotsatira zachedwa, ndipo sindinaitchulenso nkhaniyo. Pagulu lathu la WhatsApp la olemba ACCA ndinatuluka mwakachetechete. Ana amene ndinawaphunzitsa ndekha ntchito anali atamaliza, ine ndidakali pomwepo, ndipo ndikaona zithunzi zawo ndinkalemba mawu owayamikira mtima ukundipsa. Ndikupepesa kwa nonse amene ndinakunamizani. Anali manyazi.

Ndinatseka mabuku miyezi 6. Ndinawaika m'katoni pamwamba pa wadiropu, ndipo ndinauza bambo a Tadala kuti basi, zanga zathera apa. Iwo sananditsutse kapena kundilalikira. Anangondikumbutsa kuti SBR, lina la mapepala omaliza a ACCA, ndinakhoza mu Disembala 2019, ndipo lamulo limati mapepala a gawo lomalizali uwatsirize m'zaka 7, apo ayi oyambawo amayamba kufa. Anati: “Mayi a Tadala, ngati mukusiya, siyani mutaganiza bwino. Musasiye chifukwa chokwiya.”

Anthu ambiri ankandiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ankanena ndi mtima wabwino, ndipo ndikuwathokoza. Koma ine kudekha ndinali nako. Chimene ndinalibe ndi munthu woti aone zimene ndinkalemba. Maulendo anayi onsewo ndinkachita chinthu chimodzimodzi, kungowonjezera maola, ndipo palibe ngakhale tsiku limodzi limene ndinapereka yankho langa kwa wina kuti alichonge. Ndinkaopa kuti aona kuperewera kwanga.

Mu Januwale 2025, titatuluka m'tchalitchi, ndinalimba mtima n'kuimitsa aNaphiri, mayi amene agwira ntchito ya odita zaka zambiri. Ndinawauza malikisi anga onse anayi, koyamba kuwatchula pakamwa kwa munthu wakunja. Sanadabwe. Anati ndikalembe funso limodzi la malikisi 50, nditatchera wotchi, ndibwere nalo Loweruka.

Loweruka limenelo sindidzaliiwala. Tinakhala pakhonde pawo, iwo ali ndi bolopeni yofiira, tiyi akuzizira. Nkhani yake inali ya kampani imene katundu wake anali atakhalitsa m'nyumba yosungira osagulidwa. Ine ndinali nditalemba ndime yaitali yofotokoza lamulo la kawerengedwe ka mtengo wa katundu, mawu ndi mawu monga lilili m'buku, n'kumaliza ndi chiganizo chimodzi chakuti mwina katunduyo walembedwa mtengo wokwera. Anajambula mzere kuchokera pamwamba mpaka pansi pa ndime yonseyo, n'kusiya chiganizo chomalizacho. Kenako anandifunsa: “Mwana wanga, katunduyu ndi wa ndalama zingati? Ukayerekeza ndi phindu la kampaniyi ndi gawo lanji? Nkhaniyi yakuuza kuti wakhala miyezi ingati? Nanga bwana amene akulandira bonasi phindu likakwera, sunamuone pa tsamba lachiwiri?” Zonsezo zinali m'nkhanimo, ndipo ndinali nditaziwerenga, koma sindinalembe ngakhale chimodzi. Anati: “Iwe ukuyankha ngati mwana wa sukulu amene akufuna kuonetsa kuti analoweza. Wochonga akufuna odita amene waiona kampani iyiyi, osati ina.” Pa malikisi 50 anandipatsa 19.

Ndinabwerera kunyumba nditakhumudwa, koma koyamba m'zaka ziwiri ndinkadziwa pamene pali bala. Kuyambira pamenepo ndinasiya kuloweza. Ndinawerenga malipoti a ochonga mayeso, amene ACCA imaika pa intaneti kwaulere ulendo uliwonse, ndipo ndinapeza kuti zimene aNaphiri anandiuza zinalembedwamo kalekale, ine osawatsegula. Mfundo iliyonse ndinkaiyamba ndi nambala yochokera m'nkhani, kenako chimene chingalakwike, kenako chifukwa chake. Ndinaphunzira kuti malikisi 20 mwa 100 amaperekedwa pa luso la ntchito, monga kukayikira zimene mabwana a kampani akuuza ndi kulemba momveka, ndipo malikisi amenewo ndinkawataya ndekha polemba ndime zazitali zopanda mutu.

Chinanso chinali nthawi. Mphindi 195 pa malikisi 100, ndiye kuti malikisi amodzi sakwana mphindi 2. Maulendo atatu mwa anayi aja funso lomaliza ndinkangolikhudza, chifukwa ndinkakakamira pa loyamba kufuna kuti likhale langwiro. ANaphiri anandilamula kuti wotchi ikalira ndizisiya ngakhale pakati pa chiganizo. Ndinasiyanso kuyeserera papepala. Ndinabwereka laputopu ya mlamu wanga n'kumalemba momwe zimakhalira m'chipinda cha mayeso, mpaka zala zinazolowera. Pofika Meyi ndinali nditalemba mayeso oyeserera athunthu 6, ndipo aliwonse anadutsa pa bolopeni yofiira ija. Chodabwitsa n'chakuti ulendo uno ndinawerenga maola ochepa kuposa kale. Ndinkagona mokwanira, ndipo Lamulungu masana linali la Tadala.

Tsiku la mayeso mu Juni kunali chiperoni, manja ali gwa ndi kuzizira. Nditafika pa funso lachiwiri mantha aja anabweranso, mawu a mumtima akuti wagwanso. Ndinachotsa manja pakompyuta, ndinapuma, ndinamwa madzi, n'kupitiriza. Ndinayankha mafunso onse atatu mpaka kumapeto. Potuluka sindinkadziwa ngati ndakhoza, koma ndinkadziwa kuti ndalemba za kampani imene anandipatsa.

Ndithokoze Mulungu amene anandisunga pamene ndinkalephera ngakhale kupemphera. Bambo a Tadala, munaphika, munachapa, munanyamula mwana kupita naye kuchipatala usiku ine ndili ndi mayeso m'mawa mwake, ndipo simunandiwerengerepo ndalama zimene zinapita. ANaphiri, Loweruka lanu lililonse munandipatsa osalandira ngakhale tambala. Amayi a ku banki mkhonde, munandidikira nditachedwa kubweza. Achemwali, inu amene munataya zonse ndi amene munkandilimbitsa ine.

Sindinakhale membala wa ACCA panobe. Kwatsala kuti abwana anga asainire miyezi 36 ya ntchito ndi zina zofunika pa fomu, ndipo ndayamba kale kuzisonkhanitsa. Koma mayeso atha.

Ndikudziwa kuti Lolemba lomwelo ena a inu munatsegula uthenga n'kupeza 46 kapena 49, ndipo mwina mwauza kale anthu kuti simunalembe. Sindikuuzani kuti mulembetsenso mawa, chifukwa ndikudziwa mtengo wake, ndipo kupuma si tchimo. Koma mukafuna, ndilembereni kumbali. Lembani funso limodzi mutatchera wotchi, mundipatse ndilichonge monga anandichitira aNaphiri. Loweruka m'mawa ndimakhala ndilipo, ndipo malikisi anu sadzamveka kwa wina aliyense.

Kupatula Loweruka likubwerali. Ndikukwera basi ya ku Thyolo ndi Tadala, kukakhala pamphasa ndi mayi anga ndi kuwauza manambala onse asanu, kuyambira pa 41.